Makina akalemera pa kompyuta, yambani mwayeza musanagule ina

Masiku ano makina aakulu amayamba kumangidwa pa kompyuta chitsulo chisanadulidwe. Injiniya amajambula chiwalo chilichonse pachokha, bawuti pafayilo yake, shafiti pafayilo yake, kenako n'kusonkhanitsa zonse mu fayilo imodzi imene amisiri amaitcha asembule. Mmenemo ndi mmene amaonera ngati ziwalozo zikukhalana bwino, ngati lamba sakukhula pachitsulo, ndiponso ngati dzanja la mmisiri lingalowe kukamasula nati. Ziwalo zikakhala makumi angapo, zonse zimayenda myaa. Zikafika zikwi, fayilo imatenga nthawi kutseguka, chithunzi chimadumphadumpha mukachitembenuza, ndipo kusintha muyeso umodzi kumaimitsa kompyuta mpaka munthu kuyamba kukayika ngati ikadali moyo.

Apa ambiri amathamangira kunena kuti kompyuta yachepa mphamvu. Nthawi zina ndi zoona. Koma kawirikawiri vuto limakhala mu ziwalo zochepa chabe zimene zinajambulidwa mopitirira muyeso, ndipo kompyuta yatsopano imangochepetsako kudikira osachotsa chimene chikuchedwetsa. M'nkhani ino titenga pulogalamu ya SolidWorks, imene inatuluka koyamba mu 1995 ndipo kuyambira mu 1997 ili m'manja mwa kampani ya ku France ya Dassault Systèmes. Mapulogalamu ena a ntchito yomweyi ali ndi njira zofanana nazo, kungoti mayina ndi osiyana.

Kuti tione zinthu pafupi, tiyerekeze kuti tikujambula fakitale yaing'ono yogaya chimanga. Muli chigayo, mamota anayi amene tatenga mafayilo ake kwa opanga, zotchinga malamba zisanu ndi chimodzi zachitsulo chobowolabowola, ndiponso makina okweza chimanga pamwamba, aja okhala ndi timabakete tomangidwa pa lamba. Timabaketeto tilipo 120, ndipo kalikonse kamamangidwa ndi mabawuti awiri, bawuti iliyonse ndi nati yake ndi washa wake. Mukawerengera, mabawuti ndi 240, manati 240, mawasha 240, kuphatikiza timabakete 120, zonse pamodzi ziwalo 840. Apa tisanawerenge chigayo chenichenicho.

Kuchedwa kuli mitundu itatu

Munthu akati asembule yalemera, funso loyamba ndi lakuti ikuchedwa pochita chiyani, chifukwa kompyuta imagwira ntchito zitatu zosiyana. Yoyamba ndi kutsegula, pamene imafufuza fayilo ya chiwalo chilichonse n'kuiwerenga. Yachiwiri ndi kuwerengeranso. Chiwalo cha mu SolidWorks sichisungidwa ngati chithunzi chabe, chimasungidwa ngati mndandanda wa masitepe: jambula bwalo, likoke mamilimita akutiakuti, bowola apa, salaza ngodya iyi. Mukasintha muyeso, kapena mukadina `Ctrl+B` kaya `Ctrl+Q`, pulogalamu imabwereza masitepewo, n'kuwerengeranso malamulo onse ogwirizanitsa ziwalo, amene pa sikirini amalembedwa kuti `Mates` ndipo amisiri amangoti mameti. Ntchito yachitatu ndi kuonetsa chithunzi. Kompyuta siijambula chinthu chozungulira mmene ife timachionera. Imachiphwanya kukhala tizidutswa tating'ono ta makona atatu, ndipo mukatembenuza makina ndi mawusi, tizidutswa tonseto timajambulidwanso kangapo pa sekondi iliyonse.

Kusiyanitsa zitatuzi ndi kumene kumapulumutsa nthawi, pakuti mankhwala ake ndi osiyana. Taonani mabawuti 240 aja. Potsegula savuta kwenikweni, chifukwa onse ndi fayilo imodzi imene imawerengedwa kamodzi. Koma poonetsa chithunzi, bawuti iliyonse iyenera kujambulidwa pamalo pake, ndiye kulemera kwa bawuti imodzi kumachulukitsidwa ka 240. Mota imene tatenga kwa opanga ndi yosiyana: ndi chiwalo chimodzi, koma fayilo yake ingakhale yaikulu kuposa ziwalo zina zonse kuziphatikiza.

N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi kuyeza. Pa tsamba la `Evaluate` pali chida chotchedwa `Performance Evaluation`. Mukachitsegula muli mu asembule, chimakuuzani mafayilo amene atenga nthawi yaitali kutseguka, ziwalo zimene zili ndi tizidutswa tambiri ta makona atatu, kuchuluka kwa mameti, ndiponso mafayilo amene anasungidwa komaliza ndi mtundu wakale wa pulogalamuyi. Pafupi nacho pali `Assembly Visualization`, chimene chimandandalika ziwalo kuyambira cholemera kwambiri mukasankha mzere wa `Graphics-Triangles`, `SW-Open Time` kapena `SW-Rebuild Time`. Zimene zimatuluka pamwamba pa mndandandawo nthawi zambiri zimadabwitsa mwini wake. Chimango chachikulu cha fakitale, chimene chimadzaza sikirini yonse, chimapezeka pansi, pamene pamwamba pakhala kachiwalo kamene munthu sangakaone n'komwe akayang'ana makina onse.

Chizindikiro cha nthenga

Njira yachangu kuposa zonse ndi kutsegula asembule mopepuka. Pa bokosi lotsegulira fayilo mungasankhe `Resolved`, kutanthauza kuti chilichonse chiwerengedwe chathunthu, kapena `Lightweight`. Mukasankha yachiwiriyi, pulogalamu imatenga maonekedwe a chiwalo ndi zina zochepa zofunika, koma mndandanda wa masitepe uja imausiya pa disiki. Zili ngati wogulitsa m'sitolo amene amaika katundu woonetsa pa shelefu, matumba enieni ali kumosungira, ndipo amakatenga thumba pokhapokha wogula akalifuna. Chiwalo chotsegulidwa motere chimakhala ndi chizindikiro cha nthenga pa mndandanda wa kumanzere. Mungathe kuchiyeza, kuchiika mameti, kudula makina pakati kuti muone m'kati, kuwerengera kulemera kwake, ngakhale kufufuza ngati ziwalo zikugundana. Mukangofuna kusintha chiwalocho, pulogalamu imakawerenga zotsalazo ndipo nthenga ija imachoka. Mukamaliza, dinani kumanja pa chiwalocho n'kusankha `Set to Lightweight` kuti chipepukenso.

SolidWorks ikhoza kuchita zimenezi yokha. Pa zokonzera zake, pamalo awa,

```
Tools > Options > System Options > Assemblies
```

pali nambala ziwiri zimene imabwera nazo. Ziwalo zikapitirira 500 imayatsa zokonzera za asembule yaikulu, zimene zimazimitsa zokongoletsa zodya mphamvu, ndipo zikapitirira 5000 ingatsegule ndi `Large Design Review`. Makina athu okweza chimanga, ndi ziwalo zawo 840, adutsa kale malire oyambawo paokha. Nambalazi mungazisinthe malinga ndi kompyuta yanu. Amene akugwiritsa ntchito mtundu wa 2023 kapena wapambuyo pake akapanda kuona mawu oti `Lightweight` asadabwe, chifukwa pali chosankha chimene chimabisa njirayi n'kusiyira pulogalamu kuti iziwerenga zofunika zokha mwa iyo yokha.

`Large Design Review` ndi yopepuka kuposa zonse. Imatsegula zithunzi zimene zinasungidwa kale, mwakuti fakitale yonse imaoneka m'kanthawi kochepa. Ndi yabwino pamsonkhano, pamene mwini fakitale akufuna kuona mmene makina adzakhalire m'nyumba, kuyeza mtunda wa pakati pa chigayo ndi khoma, kapena kusankha gawo limodzi loti litsegulidwe lathunthu. Koma si malo ojambulira ziwalo.

Tsono pali chinthu chimene ambiri sachizindikira. Kutsegula mopepuka kumathandiza potsegula komanso kumachepetsa malo amene asembule ikudya mu RAM, koma sikuchotsa kachidutswa ka makona atatu ngakhale kamodzi. Chithunzi cha chiwalo chimabwerabe chonse. Ngati vuto lanu ndi lakuti makina akudumphadumpha mukamawatembenuza, nthenga zikhoza kudzaza mndandanda wonse koma kudumphako osatha. Palinso ngozi ina kwa anthu ogwira ntchito limodzi. Mnzanu akasintha chiwalo, asembule yotsegulidwa mopepuka ikhoza kukuonetsani maonekedwe akale. Chosankha chotchedwa `Check out-of-date lightweight components` chizikhala pa `Indicate` kapena pa `Always Resolve`, kuti pulogalamu izikuchenjezani kapena kuwerenga chiwalocho mwatsopano. Kuchisiya pa `Don't Check` kumafulumizitsa pang'ono, koma ine sindingalole zimenezo mu ofesi imene anthu oposa mmodzi akugwira mafayilo amodzimodzi.

Mabowo 5000 pa chotchinga chimodzi

Mankhwala enieni ali mu ziwalo zenizenizo, ndipo apa ndi pofunika kukhazikika. Titenge chotchinga lamba chimodzi. Ndi chitsulo chotalika mamilimita 1000, chotambalala mamilimita 500, chochindikala mamilimita 2. Chili ndi mabowo a mamilimita 6, otalikirana mamilimita 10 kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake. Ndiye m'litali muli mabowo 100, m'lifupi 50, onse pamodzi 5000.

Chitsulo chopanda mabowo chili ndi nkhope zisanu ndi imodzi basi, ndipo kompyuta imachijambula ndi tizidutswa 12 ta makona atatu. Bowo lililonse limawonjezera nkhope yake yozungulira, ndiye nkhope zimakwera kufika 5006. Tsopano tinene kuti pulogalamu ikugawa mkombero wa bowo m'zigawo 24 kuti uoneke wozungulira. Khoma la bowo limodzi lifuna tizidutswa 48, ndipo mabowo 5000 afuna tizidutswa 240,000, tisanawerenge nkhope yapamwamba ndi yapansi zimene nazonso zaphwanyidwa kuzungulira bowo lililonse. Zotchinga zilipo zisanu ndi chimodzi, ndiye makoma a mabowo okha akudya tizidutswa 1,440,000. Zonsezi ndi za mabowo amene mu asembule ya fakitale yonse palibe amene amawayeza kapena kumangirirapo kanthu.

Sitingawafafanize, chifukwa wodula chitsulo akuwafuna pa pulani yake. Chimene timachita ndi kupatsa chiwalocho mitundu iwiri mu fayilo imodzi, zimene SolidWorks imazitcha `Configuration`. Mtundu woyamba umakhala wathunthu. Pansi pake timapanga wachiwiri ndi `Add Derived Configuration`, n'kuutcha dzina, mwachitsanzo `Simple`. Tili mu mtundu wachiwiriwo, timadina kumanja pa sitepe yobwereza mabowo n'kusankha `Suppress`. Sitepeyo siinafafanizidwe, yangogonekedwa. Imaoneka yotuwa pa mndandanda, siiwerengedwa, ndipo mabowo sajambulidwa. Mabowo anayi a m'makona, omangira chotchingacho ndi mabawuti, timawasiya. Ubwino wa mtundu wobadwa pansi pa unzake ndi wakuti mukadzasintha kutalika kwa chitsulo mu mtundu wathunthu, wopepukawo umatsatira. Wofuna kuti chotchingacho chizionekabe chobowola angachipake maonekedwe a chitsulo chobowola pa `Appearances`, amene ndi chithunzi chabe ndipo sawonjezera nkhope.

Koma mabowo akagona, chitsulo chimalemera. Chitsulo wamba chimalemera makilogalamu pafupifupi 7850 pa kiyubiki mita imodzi, ndiye chotchinga chathu chopanda mabowo chikulemera makilogalamu 7.85. Mabowo 5000 a mamilimita 6 amachotsa magawo 28 pa 100 alionse a chitsulocho, n'kusiya makilogalamu pafupifupi 5.6. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 2.2 pa chotchinga chimodzi, ndipo pa zisanu ndi chimodzi ndi makilogalamu oposa 13. Pa fakitale yolemera matani angapo zimenezi si zambiri, koma pa chitseko chopachikidwa pa mahinjesi kapena pa chinthu chozungulira mofulumira, nambala yolakwika ikhoza kusocheretsa munthu. Pa bokosi la `Mass Properties` pali `Override Mass Properties`, pamene mungalembe kulemera kwenikweni kwa mtundu wopepukawo. Kungoti nambala yolemba pamanja siisintha yokha, ndiye mukasintha kukula kwa chitsulo muyenera kukumbukira kuikonzanso.

Bawuti nayo ili ndi nkhani yofanana. Bawuti ya M12 ya mazinga wamba imayenda mamilimita 1.75 pa kuzungulira kamodzi, ndiye pa utali wa mamilimita 50 mazinga amazungulira maulendo oposa 28. Wojambula wokonda zokongola akadula mazingawo enieni, nkhope yopotanayo imafuna tizidutswa tambirimbiri, ndipo monga taonera, zimenezo zichulukitsidwa ndi chiwerengero cha mabawuti. Bawuti yogula kusitolo siifuna mazinga enieni ngakhale pang'ono, popeza palibe amene adzaipange kuchokera pa chithunzi chanucho. `Cosmetic Thread` imaika chizindikiro cha mazinga pa pulani popanda kudula kanthu, ndipo ndi yokwanira. Zilembo zosindikizidwa pamutu pa bawuti, timangodya tosalazidwa, dzina la kampani lozokotedwa pa chivundikiro, zonsezi zigonekedwe mu mtundu wopepuka. Pali chida chothandiza kuzipeza pa `Tools > Find/Modify > Simplify`, chimene chimasankha timasitepe ting'onoting'ono poyerekeza ndi kukula kwa chiwalo, koma muziyang'ana mndandanda wake musanavomere, chifukwa sichidziwa kuti kabowo kakang'ono aka ndi komangira.

Musanatseke fayilo ya chiwalo, onaninso pa `Document Properties` pamene palembedwa `Image Quality`. Pali kachingwe kokoka kamene kamanena kuti chozungulira chigawidwe m'zigawo zingati. Chosankhachi chimasungidwa mu chiwalo chilichonse pachokha, ndipo anthu ambiri amakakokera kumanja mpaka pofiira kuti bwalo lioneke losalala, kenako n'kuiwala. Washa mmodzi wosungidwa motero amalowa mu asembule ndi katundu wake yense. Kukabweza chakumanzere sikusintha muyeso uliwonse wa chiwalo, kumangosintha mmene chikuonekera pa sikirini.

Zimene zimasweka mukagoneka masitepe

Kugoneka sitepe kuli ndi zotsatira ziwiri zimene zimapweteka anthu. Choyamba, masitepe amadalirana ngati kholo ndi mwana. Ngati bowo lomangira linajambulidwa poyezera kuchokera m'mphepete mwa ngodya yosalazidwa, mukagoneka ngodyayo bowo nalo limagona. Musanagoneke kanthu, dinani kumanja n'kuona `Parent/Child`. Wojambula wozolowera amaika zokongoletsa zonse kumapeto kwa mndandanda, kuti tsiku lozigoneka pasakhale china chodalira pa izo.

Chachiwiri ndi mameti. Ngati chiwalo chinagwirizanitsidwa ndi chinzake pogwiritsa ntchito nkhope imene tsopano yagona, metiyo imasowa pogwira. Mudzaona zizindikiro zofiira kapena zachikasu pa foda ya `Mates`, kapena kachizindikiro ka `(-)` kutsogolo kwa dzina la chiwalo, kusonyeza kuti chamasuka ndipo chikhoza kusuntha mukachikoka. Njira yopewera ndi kuika mameti pa mapuleni ndi mizere yapakati ya chiwalo, monga `Front Plane` kapena `Axis`, zimene zimakhalapo mu mitundu yonse iwiri.

Palinso mndandanda wa zogula. Mtundu wopepuka ukhoza kutuluka pa mndandandawo ngati chiwalo chachilendo chotchedwa `Simple`, wogula katundu n'kusokonezeka. Pa zokonzera za mtunduwo sankhani `Link to Parent Configuration` kuti uzitchulidwa ndi dzina la kholo lake. Ndipo ofesi yonse igwirizane dzina limodzi la mitundu yopepuka, kalembedwe kake kamodzimodzi, chifukwa asembule ingauzidwe potsegula kuti itenge mtundu wa dzina limenelo pa chiwalo chilichonse chimene chili nawo. Wina akalemba `Simple`, wina `Light`, mwayi umenewo watayika.

Mu asembule momwemo, chiwalo chonse chingagonekedwenso, ndipo apa anthu amasokoneza `Suppress` ndi `Hide`. Chiwalo chobisidwa sichioneka, choncho chimapeputsa chithunzi, koma chikadali m'makinamo: mameti ake akugwirabe ntchito, kulemera kwake kukuwerengedwa, ndipo chimatuluka pa mndandanda wa zogula. Chiwalo chogonekedwa chimakhala ngati kulibe. Sichiwerengedwa, mameti ake amagona nacho, sichilemera kanthu, ndipo pa mndandanda wa zogula sichituluka. N'chifukwa chake mtundu wa asembule wopanda mabawuti, manati ndi mawasha 720 aja ndi wabwino kwambiri pokonza malo a makina m'nyumba, koma pulani ndi mndandanda wa zogula zichokere ku mtundu wathunthu nthawi zonse. Mndandanda ukachokera ku wopepuka, amisiri adzafika pamalo omangira ali ndi timabakete 120 opanda bawuti ngakhale imodzi. Kufufuza ngati ziwalo zikugundana kuchitikenso pa mtundu wathunthu, popeza mutu wa bawuti yogonekedwa sungagunde kanthu pa kompyuta ngakhale udzagunde pa makina enieni.

Mota ya kwa opanga

Mamota ndi magiyabokosi amabwera kawirikawiri ngati mafayilo a STEP. Fayilo yotere ilibe mndandanda wa masitepe, ndi thupi limodzi lowuma, ndiye palibe choti mugoneke. Chonsecho imabwera ndi zipsepse zoziziritsira, chivundikiro cha fani chokhala ndi timipata tambiri, nthawi zina ngakhale mabering'i am'kati ndi timipira tawo. Chida cha `Defeature` chimathandiza: mumasankha zoti zisungidwe, icho n'kuchotsa zam'kati ndi zing'onozing'ono, n'kukupatsani fayilo yatsopano. Pa maasembule chili ndi njira ya `Silhouette`, imene imakuta gulu la ziwalo ndi thupi losavuta lotsatira mkombero wake.

Kunena zoona, pa mota ine ndimaona kuti kujambula pamanja kumaposa. Chimene fakitale ikufuna kudziwa za mota ndi chochepa: mapazi ake ndi mabowo omangira, kutalika kwa shafiti kuchokera pansi, kukula kwa shafitiyo, kunenepa ndi kutalika kwa thupi, ndi pamene pali kabokosi ka mawaya. Masitepe osakwana khumi akwanira, ndipo miyeso yake ili pa pepala la opanga. Fayilo yoyambirira ija isungidwe pambali kuti muziyerekezera. Chofunika ndi chakuti thupi lopepukalo lisachepe kuposa mota yeniyeni paliponse. Likule pang'ono kusiyana ndi kuchepa, kuti mpata umene mukuuona pa sikirini udzapezekedi.

Pamene gawo lonse lamalizidwa ndipo silikusinthidwanso, monga chigayo chathu, pali `SpeedPak`. Mumadina kumanja pa mtundu wa asembule yaing'onoyo, kusankha `Add SpeedPak`, n'kuloza nkhope zochepa zimene mudzafune poika mameti, monga pansi pa mapazi ndi pakamwa polowera chimanga. Zotsalazo zimakhala chithunzi chabe chimene simungachigwire ndi mawusi. Chenjezo lake ndi lofanana ndi la nthenga lija: chigayo chikasinthidwa, `SpeedPak` iyenera kukonzedwanso ndi `Update SpeedPak`, apo ayi mukuyang'ana makina a dzulo.

Mameti 1440 osafunika

Tatsala ndi kuchedwa kwa powerengeranso, ndipo timabakete tija tikuonetsa bwino gwero lake. Bawuti imafuna mameti awiri kuti ikhale pamalo, imodzi yoilowetsa pakati pa bowo, ina yokhazika mutu wake pa chitsulo. Nati ndi washa nazonso awiriawiri. Munthu akaika ziwalo 720 chimodzichimodzi mu asembule yaikulu, wapanga mameti 1440, ndipo mameti a pamwamba pa asembule amawerengedwa pamodzi monga funso limodzi lalikulu la masamu. Kusuntha mota kumbali ina ya fakitale kumadikira funso lonselo.

Njira yabwino ndi kupanga asembule yaing'ono ya kabakete kamodzi ndi mabawuti ake awiri, manati ndi mawasha, mameti 12 basi, kenako kuibwereza ka 120 ndi `Linear Component Pattern` kapena `Chain Component Pattern`. Zobwerezedwa sizifuna mameti awoawo. Asembule yaing'ono ikalowa mu yaikulu imatengedwa ngati chinthu chimodzi cholimba, ndipo mameti am'kati mwake sawerengedwanso, pokhapokha mutaisandutsa `Flexible` kuti ziwalo zake ziziyenda. Ichi chichitike pamene pakufunikiradi kuona kuyenda, ndipo mukamaliza muibweze ku `Rigid`. Ziwalo zojambulidwa modalira zinzake m'kati mwa asembule, zimene dzina lake limatsatiridwa ndi `->`, nazonso zimachedwetsa, chifukwa kusintha kumodzi kumadzutsa mafayilo angapo. Mapangidwe akakhazikika, zitsekeni ndi `Lock All` pa `External References`.

Apa ndi pamenenso nkhani yogula kompyuta imaonekera bwino. Masitepe a chiwalo amawerengedwa motsatizana, lachiwiri kudikira loyamba, ndiye mbali yaikulu ya ntchitoyi siigawika pakati pa mitima yambiri ya purosesa. Purosesa ya mitima yambiri koma yoyenda pang'onopang'ono siithandiza kwenikweni powerengeranso. RAM yowonjezera imathandiza ngati yomwe ilipo ikudzazadi, zimene mungazione pa `Task Manager` asembule ili yotsegula. Khadi lazithunzi limathandiza potembenuza makina basi. Ndipo ngati mafayilo akutsegulidwa kuchokera pa seva kudzera pa netiweki yofooka, kapena anasungidwa ndi mtundu wakale wa pulogalamu moti ayenera kusinthidwa nthawi iliyonse akatsegulidwa, kompyuta yatsopano idzachedwanso chimodzimodzi. Mafayilo akale amangofunika kutsegulidwa ndi kusungidwa kamodzi mu mtundu watsopano, mutasunga kaye makope ake pena, ndiponso mutagwirizana ndi onse amene mumagawana nawo ntchito, popeza wa pulogalamu yakale adzavutika kuwagwiritsa ntchito.

Choncho ngati muli ndi asembule imene ikukudikiritsani, itseguleni, lembani nthawi imene `Performance Evaluation` yakupatsani, ndipo tengani ziwalo zisanu zapamwamba pa mzere wa `Graphics-Triangles`. Zipangireni mitundu yopepuka, onani ngati mameti onse akadali bwino, sungani, tsekani, n'kutsegulanso kuti muyerekeze nambala. Mukafuna kupempha abwana ndalama za kompyuta ina, mupite ndi nambala ziwirizo m'manja.